Kompyuta ikamawerenga O m'malo mwa 0: osakonza pepala lonse kamodzi

"Ndine mlembi wa kalabu ya alimi a thonje kuno ku Ngabu. Ndinajambula mapepala otayipa a mamembala n'kuwalowetsa mu Excel kudzera pa pulogalamu yowerenga zithunzi, koma ziro wina akutuluka O, wani akutuluka l, ndipo ndalama sizikugwirizana ndi zapapepala. Ndingopanga Replace All?"

Ayi achimwene, batani limenelo musaliguse kaye. Replace All sasiyanitsa O wamkulu ndi o wamng'ono pokhapokha mutachonga Match case, ndiye mukangosintha O kukhala 0 ndi l kukhala 1 pa shiti yonse, Nchalo asanduka Ncha10, Bangula asanduka Bangu1a, maina a anthu nawo aonongeka, mwakonza manambala atatu n'kupha mzere wonse wa midzi.

Pulogalamuyo siwerenga ngati ife, imayang'ana maonekedwe a chilembo n'kuganizira potengera zoyandikana nazo. Pa fotokope yofufuma, inki itatha, O ndi 0 kusiyana kwake n'kochepa zedi, chimodzimodzi l, I ndi 1, komanso S ndi 5, B ndi 8. Ndipo ngati mapepalawo ndi akale a pa taipi, mwina pulogalamuyo sinalakwe n'komwe, makina ambiri akale analibe batani la 1, otayipa ankangomenya l. Inu ndi amene mukudziwa kuti kolamu iyi ndi ya ndalama, iyo ndi ya maina, ndiye kukonzaku kumayenda kolamu imodzi imodzi.

Tiyambe ndi ndalama poti ndi pomwe anthu amakanganirana. Excel ikapeza lO5OO imaitenga ngati mawu, SUM imangoidumpha osadandaula, n'chifukwa chake totala ikuperewera. Mudzaona kuti manambala enieni amatsamira kumanja kwa selo pomwe onamawo ali kumanzere. Koma maso amatopa, bola muwerengetse: COUNTA imawerenga maselo onse olembedwa, COUNT imawerenga manambala okha. Tinene kuti tsamba lili ndi alimi 40, pansi papepala palembedwa K612,000 koma Excel ikuti 571,500. COUNTA ikupereka 40, COUNT 37, basi mwadziwa kuti odwala ndi atatu. Mukuwapeza: lO5OO, 2OOOO ndi l0000. Kuphatikiza 10,500, 20,000 ndi 10,000 ndi 40,500, ndendende yomwe imasowa ija. Tinene kuti ndalamazo zili mu kolamu D, fomula yozikonzera muike mu kolamu yatsopano, yakaleyo isiyeni momwe ilili kuti muzitha kubwerera:

```
=VALUE(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(D2,"O","0"),"l","1"),"I","1"))
```

SUBSTITUTE imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, ndiye ngati muli o wamng'ono muonjezere gawo lake. Pakatuluka #VALUE! ndiye kuti mwatsala chilembo china, kaya S kaya B, pitani mukaone papepala.

Choopsa kwambiri ndi chomwe fomulayi singaone, nambala kuwerengedwa ngati nambala inzake. COUNT ikuti 40 bwinobwino koma totala yapitirira ndi 5,000, sakani 3 yemwe wasanduka 8. Yapitirira ndi 6,000, ndi 1 wasanduka 7. Ine ndimakonda kufananitsa totala tsamba lililonse palokha, osadikira buku lonse, chifukwa zolakwika ziwiri zitha kubisana, china kukweza china kutsitsa.

Manambala a foni fomula ndi yomweyo koma chotsani VALUE, ndipo musapange Convert to Number, apo ayi ziro woyamba uja athawa, 099 akhala 99. Kenako LEN ikuuzeni ngati manambala akwana 10.

Nambala ya chiphaso cha unzika ndiye musaikhudze ndi fomula iliyonse. Imasakaniza zilembo ndi manambala, palibe lamulo lomwe mungaike lokuuzani kuti apa ndi B osati 8. Chongani zokaikitsazo ndi mtundu wachikasu, tsiku la msonkhano anthu abwere ndi makadi awo muone nokha. N'zochedwetsa inde, koma kusiyana ndi kuti mlimi akabwezedwe pa malipiro.

Ku maina ndi midzi mumangotembenuza, nambala iliyonse yopezeka mkati mwa dzina ndi yolakwika, 1 abwerere l, 0 abwerere o. Midzi yanu ndi yowerengeka, lembani mndandanda wake wolondola ndipo chilichonse chosapezekamo chioneke. Pamenepo mugwiranso m yemwe wasanduka rn.

Ngati mapepala ena simunajambule, ayaleni pathyathyathya pamthunzi pakhonde, osati padzuwa lathu la kuchigwa kuno lomwe limayeretsa pepala mpaka tizilembo topyapyala kuzimirira, foni iyang'ane pepala molunjika. Pa sikana sankhani 300 dpi. Amene mukugwiritsa pulogalamu yowerenga zithunzi ya Tesseract, dulani chithunzi mutsale ndi kolamu ya ndalama yokha n'kuiuza kuti izitulutsa manambala basi:

```
tesseract ndalama.png zotuluka --psm 6 -c tessedit_char_whitelist=0123456789
```

Zimenezi zimagwira kuyambira Tesseract 4.1 kupita m'tsogolo, pa 4.0 imangonyalanyaza. Dziwaninso kuti mukaikakamiza chonchi, kadontho ka inki itha kukawerenga ngati 1, ndiye totala ija muifananitsebe.