Munda ndinawina kwa agulupu, koma achimwene sitilankhulana

"Mayi athu atamwalira, achimwene anafuna kugulitsa mbali ya munda wa maekala atatu umene anasiya. Agulupu anagamula kuti mundawo ndi wa mbumba. Pabwalopo ndinawanena kuti ndi akuba, komanso kuti ndiwo anapha mayi. Patha zaka ziwiri osalankhulana, ndipo tikakolola tikufuna kuchita sadaka ya mayi. Ndiyambire pati?" Mayi wina wa kwa Chimwala

Achemwali, yambirani pa mawu aja, osati pa munda. Za munda agulupu anamaliza, ndipo sanalakwe. Kuno ku Mangochi, m'midzi yambiri malo amatsata kuchikazi. Mwana wamwamuna amakakhala chikamwini kwa mkazi wake, ndipo kwawo amatsala ngati mwini mbumba: woyang'anira, osati wogulitsa. Ndiye taonani pamene achimwene anu aima. Kuchikamwini munda si wawo, kwawo munda si wawo, ndipo udindo umodzi umene anali nawo unathera pabwalo, anthu akumva. Munthu wotchedwa wakuba amatha kuiwala, koma amene wanenedwa kuti anapha mayi ake saiwala. Dziwaninso kuti kunamizira munthu ufiti ndi mlandu pa lamulo la 1911, ndiye ngati sanakusumireni, anakukomerani mtima.

Musawaimbire foni, ndipo musatume mwana. Pezani wamkulu wakuchikazi amene sanaikire umboni mbali iliyonse pamlandu uja, kaya ndi amalume kaya mayi aakulu. Amene anakuikirani kumbuyo tsiku lija, ngakhale ali okalamba bwanji, achimwene adzawaona ngati nthumwi ya mdani. Wotumidwayo apite yekha ndi uthenga umodzi: mlongo wanu akufuna kubweza mawu amene analankhula. Za munda asatchule n'komwe.

Akavomera, pitani ndi nkhuku ndi kaufa, ndipo pakhale anthu awiri kapena atatu amene analipo pabwalo paja. Mawu onyoza analankhulidwa pagulu, ndiye kuwabwezera kuseri kwa nyumba sikuchotsa manyazi. Nenani mwachidule kuti, "Achimwene, ndinalakwa kunena kuti munapha mayi. Si zoona, ndinalankhula ndi mkwiyo." Mukatero khalani chete. Ambiri amalakwira pamenepa, amapitiriza kuti "koma nanunso munafuna kugulitsa", basi bwalo layambiranso. Alamu anu, akazi awo, muwapatse moni bwinobwino. Mwina mumawaganizira kuti ndiwo anayambitsa, koma madzulo achimwenewo akacheza ndi iwowo, osati inu.

Sadaka musaikonze nokha n'kungowaitana ngati mlendo. Afunseni kuti tsiku likhale liti, ndipo okauza ashehe akhale iwowo. Apa mpamene mudzadziwe ngati mtima wafewa. Akayamba kufunsa kuti mpunga ukufunika wochuluka bwanji, mbuzi tigula kwa yani, zinthu zayenda. Akangoti "ndamva, chitani", musakakamize. Atumizireni gawo lawo la chakudya tsikulo, ndipo amalume akabwerenso pakapita mwezi.

Munda mudzaukambe sadaka itapita, koma anthu asanayambe kusosa mu Seputembala kapena Okutobala, chifukwa mizere ikagalauzidwa aliyense amaumirira pamene wathira thukuta. Funsani kaye kuti ndalama ankazifunira chiyani. Nthawi zambiri imakhala ngongole kapena fizi ya mwana, ndipo munthu amakhala atanyengedwa ndi mitengo imene ogula malo a kufupi ndi msewu kapena nyanja amatchula.

Ine ndikanakhala inu, pa maekala atatuwo ndikanawapatsa theka la ekala kuti azilima, pafupifupi mayadi 70 mulitali ndi 35 mulifupi. Muyende malirewo limodzi ndi anyakwawa, mudzale khonje kapena nkhadze m'makona, osati kungoloza chulu kapena mlambe. Kenako mulembe papepala, aliyense asaine, amfumu adinde: azilima okha, asagulitse, asabwereketse, asamangepo nyumba, asadzalepo mitengo ya mango, ndipo akadzamwalira malowo abwerera ku mbumba. Za mangozo musaziseke. Mtengo umakhala zaka zambiri, ndipo ana awo adzauloza n'kunena kuti anadzala ndi bambo athu. Paja mlandu suola.

Wina adzakuuzani kuti muthamange mukalembetse mundawo, poti lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kutero kudzera ku komiti ya malo imene wapampando wake ndi gulupu. Limaloladi, koma mukalembetsa m'dzina lanu lokha panopa, achimwene adzamva ngati mwawatengeranso kubwalo. Lamulolo limalolanso kulembetsa ngati banja. Dikirani mumalize zokambiranazi, ndipo tsiku lopita kukomitiko mudzapite nawo, kapepala kaja kali m'manja.