Amokisiliniyo mumalize, nkhani ili pa mankhwala a khunyuwo

"Abale ndithandizeni. Ndimamwa mapiritsi olerera a Microgynon. Lachinayi ndi Lachisanu sindinamwe chifukwa ndinali ku maliro ku Ekwendeni, paketi ndinaiwala kunyumba ku Chibavi. Loweruka nditabwera ndinamwa limodzi koma pasanathe ola ndinasanza, sindinamwenso lina. Lero Lamulungu mu paketi mwatsala oyera awiri ndi abulauni onse 7. Ndikumwanso amokisilini wa dzino, ndipo mnzanga akuti ameneyu amapha mphamvu ya mapiritsi olerera. Ndi bambo akunyumba tinakhalira limodzi Lachitatu usiku. Mankhwala ena amene ndimamwa ndi kabamazepini wa matenda akugwa, ndinayamba miyezi iwiri yapitayi. Nditani?"

Achemwali, pepani ndi malirowo. Ine ndimagwira ntchito ya unamwino ku mbali ya kulera, ndiye ndiyankha monga ndikanayankhira mutakhala pa benchi patsogolo panga. Chimene mwachitchula kumapeto ngati chongowonjezera ndicho chandidetsa nkhawa, moti mawa Lolemba m'mawa mukufunika kukhala muli ku chipatala. Koma tiyambe ndi zoti muchite lero.

Imwani piritsi loyera limodzi pompano, mutadya kanthu kuti m'mimba musachite nseru. Lina lotsalalo mumwe mawa pa nthawi yanu ya masiku onse. Abulauni aja musawayambe, atayeni, ndipo Lachiwiri mutsegule paketi yatsopano kuyambira pa piritsi loyamba loyera. Msambo mwina subwera mwezi uno, kapena mungoona timadontho. Zimenezo sizivulaza, magazi saunjikana m'mimba ayi.

Chifukwa chake ndi ichi. Mu paketi ya mapiritsi 28, amene ali ndi mphamvu yolerera ndi 21 oyera aja. Abulauni mulibe mahomoni, ndi owonjezera magazi chabe, komanso amakuthandizani kuti musasiye chizolowezi chomwa tsiku lililonse. Ntchito yaikulu ya oyera aja ndi kugoneka basiketi ya mazira kuti isakhwimitse dzira. Mukawamwa motsatizana, basiketiyo imagona ndithu, ndipo masiku 7 a abulauni satha kuidzutsa kufika potulutsa dzira. Masikuwo akangotalikirapo, dzira limatha kukhwima n'kutuluka. N'chifukwa chake kuiwala koopsa ndi kwa kumayambiriro kwa paketi ndi kwa kumapeto, pafupi ndi abulauni. Inuyo mwakhala kale masiku atatu opanda mankhwala m'thupi: Lachinayi, Lachisanu, ndi Loweruka lomwe. Mukawonjezerapo sabata ya abulauni, basiketi ija ipeza mpata wokwanira.

Loweruka ndaliwerengera dala. Piritsi limafuna pafupifupi maola awiri kuti lisungunuke n'kulowa m'magazi. Mukasanza maola awiri asanakwane, tengani ngati simunamwe, ngakhale simunalione m'masanzimo, ndipo mumwe lina kuchokera mu paketi yomweyo mseru ukangotsika. Mukasanza usiku piritsi munamwa m'mawa, palibe vuto, linalowa kalekale. Kutsegula m'mimba kamodzi kapena kawiri sikusintha kanthu, koma kusanza kapena kutsegula kwambiri kukapitirira masiku awiri, timakuwerengera ngati munthu amene waphonya atatu.

Malamulo amene timatsata ku zipatala zathu, ochokera ku bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO, amati pa mapiritsi a mtundu wa Microgynon munthu akaphonya limodzi kapena awiri amwe limodzi akangokumbukira n'kupitiriza monga mwa masiku onse, ngakhale zitanthauze kumwa awiri tsiku limodzi. Akaphonya atatu kapena kuposerapo, kapena akachedwa kuyamba paketi yatsopano ndi masiku atatu, agwiritse ntchito kondomu kapena adziletse mpaka atamwa oyera masiku 7 motsatizana. Kapepala ka m'bokosi kamakhwimitsa kuposa pamenepa. Ine amayi anga ndimawauza kuti akafika pa awiri ayambiretu kondomu, poti ambiri sakumbukira bwinobwino ngati anaphonya awiri kapena atatu.

Za amokisilini mtima ukhale m'malo. Mnzanuyo akunena zimene anthu, ngakhale ena a chipatala, ankakhulupirira kale, koma amokisilini sachepetsa mphamvu ya mapiritsi olerera. Chimodzimodzi Bakitilimu, Fulajilo ndi dokisisaikilini. Njira yokha imene mankhwala amenewa angasokonezere ndi ngati akukusanzitsani kapena kukutsegulani m'mimba, ndipo mwina n'zimene zinachitika Loweruka. Malizani monga anakulemberani, dzino lichire.

Mankhwala opha tizilombo amene amalimbanadi ndi mapiritsi olerera ndi a chifuwa chachikulu. Amene ali pa mankhwala a TB muno m'gulu ayang'ane m'kabuku kawo ka kuchipatala: akaona RHZE kapena RH, R ameneyo ndi rifampisini, ndipo amamwedwa miyezi yonse 6. Aja opewera TB omwa kamodzi pa sabata kwa miyezi itatu, a 3HP, alinso ndi m'bale wake wa rifampisini. Onsewa zimene ndinene m'munsimu zikuwakhudza.

Tsopano kabamazepini. Mankhwala aliwonse amene timamwa amadutsa m'chiwindi, ndipo chiwindicho chimawaphwanya pang'onopang'ono kuti atuluke m'thupi. Kabamazepini amachititsa chiwindi kugwira ntchito ngati chigayo chimene achiwonjezera liwiro: mahomoni a mu piritsi lanu amaperedwa msanga asanagwire ntchito yake ya tsiku lonse. Piritsi la Microgynon lili ndi mahomoni ochepa kale, mamaikulogalamu 30 a esitulojeni ndi 150 a levonojesitirelo, ndiye otsalawo sakhala odalirika kuti aletse dzira. Fenobabitoni, amene ambiri a khunyu kuno amalandira, amachita chimodzimodzi. Fenitoini nayenso, topiramete nayenso. Ndipo chiwindi sichibwerera tsiku lomwelo munthu akasiya mankhwalawa. Timawerengera masiku 28 chisiyireni.

Tanthauzo lake n'lakuti m'miyezi iwiri yapitayi, ngakhale masiku amene simunaphonye ngakhale limodzi, chitetezo chanu chinali chosadalirika. Si kulakwa kwanu. Zimachitika kawirikawiri chifukwa mankhwala a khunyu munthu amalandira pa khomo lina, olerera pa khomo lina, kapena kwa mlangizi wa zaumoyo m'dera, ndipo nthawi zina palibe amene amaika mapaketi awiriwo pa tebulo limodzi. Chizindikiro chimodzi chimene amayi ena amaona ndi timagazi todontha pakati pa mwezi, pamene kale sizinkachitika. Ngati munationa, mwina mahomoni atsika. Ngati simunatione, musatenge kuti zonse zili bwino, poti ambiri saona chilichonse.

Chonde, chonde, musasiye kabamazepini kapena kuchepetsa mlingo wake pofuna kupulumutsa mapiritsi. Kusiya mwadzidzidzi kumatha kubweretsa kugwa kotsatizana kosalekeza, ndipo munthu akhoza kutaya moyo, osanenanso za kugwera pa mbaula kapena m'madzi. Chosintha ndi njira yolerera. Musapemphenso kuti akusinthireni ku valupuloeti pongomva kuti iye salimbana ndi mapiritsi. N'zoona salimbana nawo, koma mwa mankhwala onse a khunyu ndi amene amavulaza kwambiri mwana m'mimba ngati mimba italowa, ndiye si wothawirako mwachisawawa kwa mayi amene adakali pa msinkhu wobereka.

Njira zimene kabamazepini sazigonjetsa zilipo. Jakisoni wa Depo amagwira bwinobwino, wa miyezi itatu uja, popanda kufupikitsa masiku. Sabata yoyamba yokha mumathandizira ndi kondomu. Dziwani chabe kuti mukadzamusiya, mimba imatha kuchedwerapo miyezi ingapo. Lupu ya kopa ilibe mahomoni konse, ndiye chiwindi chilibe choti chigaye, ndipo imakhala zaka 10 kapena kupitirira, koma mutha kuichotsetsa tsiku lililonse mukafuna mwana. Zoika pa mkono, Jadelle ndi Implanon, n'zabwino kwa amayi ambiri, koma kwa inu ayi: kabamazepini amazichepetsa mphamvu ngati mmene amachitira ndi mapiritsi, ndipo mayi amatha kuima chili pamkono. Mapiritsi olerera a amayi oyamwitsa aja nawonso sakuyenerani.

Chimene ndikunenera kuti mawa, osati Lachitatu kapena mukapeza mpata, ndi Lachitatu usiku lija. Mbewu ya abambo imatha kukhala ndi moyo m'thupi mwa mayi mpaka masiku asanu ikudikira dzira, ndipo kulera kwa pangozi nakonso kumagwira m'masiku asanu okha. Kuchokera Lachitatu usiku, masiku asanuwo akutha mawa usiku. Piritsi la pangozi logula ku famase limagwira bwino m'masiku atatu oyamba, omwe adutsa kale, komanso kabamazepini amaligaya nalonso, moti kwa munthu wonga inu achipatala amapereka mlingo wowirikiza, mamiligalamu 3 m'malo mwa 1.5. Choposa zonse pamenepa ndi lupu ya kopa: ikaikidwa m'masiku asanu imaletsa mimba pafupifupi nthawi zonse, ndipo imatsala momwemo ngati njira yanu yolerera. Mukanakhala mchemwali wanga weniweni ndikanakulimbikitsani imeneyi.

Sindikulonjezani kuti akakuikani ndithu. Ayamba akuyezani mkodzo ndi kukufunsani za msambo womaliza komanso masiku ena amene munagonana mwezi uno, chifukwa lupu saika ngati pali chikaiko choti mimba inalowa kale. Muyankhe mosabisa. Akaona kuti lupu sitheka, mufunse za piritsi la pangozi lowirikiza pamodzi ndi jakisoni. Mukalandira lupu kapena jakisoni, za paketi ya Lachiwiri ija akuuzani okha ngati ikufunikabe. Mukapanda kulandira chilichonse, ipitirizeni koma kondomu ikhale ya nthawi zonse, osati ya masiku 7 okha, mpaka mutasintha njira. Bambo akunyumba muwafotokozere lero lomwe, asadzamve ngati mwangoganiza nokha.

Ku Mapale kuli mbali ya kulera, ku Mzuzu Central nako, ngakhalenso ku Banja La Mtsogolo. Lawirirani, Lolemba mizere imatalika, ndipo mukafika munene pa khomo pomwe kuti mwabwerera kulera kwa pangozi ndipo tsikulo ndi lomaliza mwa masiku asanu aja. Tengani kabuku kanu, paketi ya Microgynon, ndi mankhwala a khunyuwo m'kapepala kake kolembedwa dzina, kuti namwino awerenge yekha. Izi n'zofunika chifukwa mankhwala a khunyu sachita mofanana: lamotirijini, mwachitsanzo, zimatembenuka, mapiritsi olerera ndi amene amamuchepetsa mphamvu iyeyo, munthu n'kuyambanso kugwa.

Kuyeza kwa mawa kukaonetsa kuti mulibe mimba, mudzayezenso pakatha masabata atatu kuchokera Lachitatu lapitali, chifukwa mimba ya masiku ochepa siioneka mu mkodzo. Kukaonetsa kuti ilipo, mapiritsi olerera musiye, kabamazepini mupitirize, ndipo tsiku lomwelo mukaonane ndi amene amakulemberani mankhwala a khunyu kuti akuyambitseni foliki asidi wa mlingo waukulu ndi kuunikanso mankhwala anu.