Makalata ochenjeza aja ali ndi ndani?

"Anzanga, kampani yomwe imathandiza timu yathu ya ana yatilembera kalata kuti yasiya thandizo, akuti taphwanya mgwirizano kangapo. Ligi ili pakati. Tiyankhe bwanji, kapena basi zatha?"

Eee achimwene, mwanditosa pabala. Musanayankhe chilichonse, itanani komiti yanu lero lomwe mufunse funso limodzi: makalata ochenjeza aja ali ndi ndani? Kampani silemba kuti "kangapo" ilibe mapepala m'fayilo. Ku timu yathu makalatawo analipo awiri, onse ali m'chikwama cha atcheya, enafe tikungoseka ndi ana osadziwa kanthu.

Ine ndinali msungichuma wa timu ya anyamata osapitirira zaka 15. Mgwirizano wake unali wosavuta ngakhale pang'ono. Ndalama za sizoni zimabwera m'zigawo zitatu. Chigawo chikatha mupereke lipoti ndi malisiti, ndiye chinacho chituluke. Ana avale jezi ya chizindikiro cha kampani pa masewero onse. Osaseweretsa mwana wopitirira msinkhu. Kumapeto kunali kandime kena komwe anthu amangokadumpha pothamangira kusayina: mukaphwanya tikulemberani, tikupatsani masiku 14 oti mukonze, mukapanda kukonza tithetsa mgwirizano ndipo ndalama iliyonse yopanda lisiti mubweza.

Zinayamba ndi transipoti. Masewero a koyenda atcheya ankatenga ndalama okha, ati dalaivala ndi mnzawo atichitira mtengo wabwino. Lisiti? "Ndibweretsa mawa, akulu, musadandaule." Mawa lakelo silinafike. Lipoti loyamba ndinatumiza ndi mpata pamzere wa transipoti, nkulemba pansi kuti malisiti akubwera. Kampani inayankha, koma inayankha kwa amene anasayina mgwirizano, atcheya. Kalata yoyamba ndi imeneyo. Masiku 14 anatha ili m'chikwama.

Kenako semifainolo ya chikho. Bambowa anabwera ndi majezi atsopano ochokera kwa mnzawo wina wa bizinesi, ati ana aoneke bwino tsiku lalikulu. Bizinesi yakeyo yopikisana ndi ya sponsa wathu! Kochi anayesa kuletsa, anamuuza kuti iye ntchito yake ndi wenzulo basi. Tinawina, zithunzi nkuikidwa pa tsamba la timu, ana akusekerera ndi chizindikiro cha kampani ina pachifuwa. Kalata yachiwiri. Mlandu womaliza unali wa sitiraika wina yemwe anamubweretsa ndi mapepala a mng'ono wake. Timu yomwe tinaigonjetsa inakadandaula, oyendetsa ligi anatilanda mapointi, nkhani inamveka ponseponse.

Tsiku lomwe kalata yothetsa inafika sindidzaliiwala. Tinali pa tirening'i, makolo angapo ali chapambali kudikira ana. Anandipatsa ndi kochi envelopu, ati yabwera m'dzina la komiti yonse ulendo uno. Ndinaitsegula ndili chiimire, ndikuganiza kuti mwina ndi chigawo chachitatu. Kalata ya tsamba limodzi, yaulemu zedi, yopanda mawu okalipa ngakhale amodzi, ndipo ndi zomwe zinandipweteka kwambiri. Anaika milandu itatu mondondoza, uliwonse ndi deti lake, ndime ya mgwirizano yomwe taphwanya, ndipo pa iwiri yoyambayo mawu akuti monga tinakulemberani pa deti lakuti ndipo simunayankhe. Ine maso anangoti tong'o, kulemberedwa liti? Miyendo inazizira. Pansi pake ndiye panali zoopsa zenizeni: chigawo chachitatu sichibwera, tisiye kugwiritsa ntchito dzina ndi chizindikiro chawo nthawi yomweyo, ndipo ndalama za transipoti zopanda malisiti tibweze pasanathe masiku 30.

Mayi wina anandilanda pepalalo nkuliwerenga mokweza. Atafika pa mawu oti ndalama zopanda malisiti, maso onse anatembenukira kwa ine. Si ndine msungichuma? Wina anachita kunena poyera kuti ndiye nchifukwa chake nsapato zanga ndi zatsopano. Ana anali atasiya mpira, aima mozungulira. Goloboyi wathu, kamnyamata kochepa thupi, kanagwira jezi yake pakhosi nkufunsa ngati avule pompano kapena akafika kunyumba. Ndinasowa choyankha. Atcheya foni yozima. Anatulukira sabata yotsatira akuti kampaniyo ndi yonyada, tipeza ina. Kupeza ina! Munthu wabisa makalata awiri, waika dzina langa pamoto, ndipo mpaka lero sanati pepani. Amapitabe kumasewero atavala suti, kumakhala pampando wakutsogolo. Ndikamuona mtima umandiwawa mpaka pano. Nayo kampani sindiikhululukira kwenikweni. Munthu sakukuyankhani kawiri konse, nambala ya msungichuma ili pa lipoti lomwelo, kuimba kamodzi kokha kukanavuta chani? Koma pamapepala anali olondola, ndipo mapepala ndi omwe amawerengedwa.

Ndiye inu chitani izi. Ikani kalatayo ndi mgwirizano pambali ndi pambali. Onani kaye ngati alemba kuti aimitsa kapena athetsa, chifukwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kuimitsa ndiye kuti khomo likadali lotsegula, akufuna muonetse kuti mwakonza. Kuthetsa ndiye kuti zomwe mukukambirana tsopano si thandizo ayi, ndi ngongole yomwe akusiyirani. Mukatero onani ndime ya chenjezo. Ngati mgwirizano ukuti akulembereni kaye ndi kukupatsani nthawi, koma iwo sanatero, muli ndi poyambira. Apempheni makope a makalata onse ndi umboni woti anafika kwa ndani. Ife titawapempha anatitumizira tsiku lomwelo, siginecha ya atcheya ili pakona pa onse awiri, nkhani ya chenjezo inathera pomwepo. Koma makope omwewo ndi omwe anandiyeretsa pamaso pa makolo.

Pa ndalama zobweza musagonje msanga. Ine ndinatenga ndandanda wa masewero a ligi, nkulemba ulendo uliwonse wa koyenda, deti lake ndi chiwerengero cha ana omwe anakwera. Ndinamusaka dalaivala uja, analemba ndi kusayina zomwe analandiradi. Zinapezeka kuti analandira pafupifupi magawo awiri mwa atatu a zomwe atcheya ankatenga. Kampani inavomera gawo limenelo, yotsalayo ndi yomwe tinabweza. Za majezi ndi msinkhu panalibe chotsutsa, tinangovomera kuti zinachitika nkutumiza maminitsi osonyeza kuti atcheya tawachotsa.

Chomwe chinawafewetsa mtima, kunena zoona, si makalata anga. Azimayi anayi, makolo a ana, anapita okha ku ofesi popanda kupangana ndi munthu, nkukhala pa risepishoni mpaka bwana anatuluka. Anabwerako atatilola kumaliza ligi ndi majezi omwewo titasoka kansalu pachizindikiro, ndipo ngongole tilipire pang'onopang'ono. Chigawo chachitatu chokha ndiye sitinachione.

Koma inu musatumize chigulu ku ofesi kwa eni ake, zingakuipireni, angati mukuwaopseza. Zonse zikhale zolemba, asayine anthu awiri, ndipo musavomere mlandu uliwonse m'kalata yoyamba, ingonenani kuti mwalandira ndipo muyankha pofika deti lakuti. Makolo auzeni nokha pamsonkhano ana kulibe, asanamve kwina. Ndipo akaunti ya timu, ngati amene mukumukayikira ali m'gulu la osayinira, kasintheni mawa m'mawa asanamve kuti mwapempha makope.