Chidindo chikagwera pa mawu mu chikalata chosikana

"Ndasikana makalata akale kuti pulogalamu ya OCR iwasandutse mawu otayipa, koma pamene pali chidindo kapena siginecha ikungotulutsa zosamveka. Ena ali ndi wotamaki yopingasa tsamba lonse. Ndipange bwanji?"

Achimwene, choyamba ndikufunseni: munasikana mwamitundu, kapena munasankha Black & White? Ngati munasankha chachiwirichi, bwererani ku sikana basi, chifukwa makinawo anasandutsa kale chidindo ndi zilembo kukhala chinthu chimodzi chakuda, ndipo palibe pulogalamu imene ingazilekanitsenso. Sikanani pa Color, 300 dpi, kapena 400 ngati zilembo zili zing'onozing'ono. Musunge ngati PNG kapena TIFF. JPEG imapaka mtundu wa inki m'mbali mwa zilembo, ndiye mumadzavutika kutsogoloku.

Chimene chimatipulumutsa ndi mtundu wa inki. Chithunzi cha mitundu chimakhala ndi magawo atatu osanjikizana: lofiira, lobiriwira ndi labuluu. Mukatenga gawo labuluu lokha, inki yabuluu imaoneka yotuwa pafupifupi ngati pepala, popeza zonse ziwiri zimabweza kuwala kwabuluu. Koma zilembo zakuda zimakhala zakuda m'magawo onse atatu. Ndiye lamulo lake ndi losavuta: chidindo chabuluu, tengani gawo labuluu, chofiira, gawo lofiira. Chapepo nthawi zambiri chimazimiririka bwino m'gawo labuluu, koma yesaninso lofiira muone. Lobiriwira lokha musalikhudze, kumeneko ndiye chidindo chapepo chimada bii.

Mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, kulekanitsa magawoku kuli pa Colors > Components > Decompose. Ine ndimakonda ImageMagick, imene mumailamula potayipa, chifukwa masamba akachuluka sindifuna kumadina limodzilimodzi:

```
magick tsamba.png -channel B -separate buluu.png
magick buluu.png -threshold 50% loyera.png
tesseract loyera.png mawu
```

Mzere woyamba ukutenga gawo labuluu, wachitatu ndi wa OCR, koma wachiwiriwo ndi umene umafuna diso lanu. Ukuuza kompyuta kuti kadontho kalikonse kowala kuposa theka kakhale koyera, kotsala kakhale kakuda. Ndinali ndi kalata ina imene chidindo chapepo chinakhala ndendende pa deti. M'gawo labuluu, pa muyeso wochokera pa 0 kufika pa 255, pepala linali cha m'ma 240, chidindo cha m'ma 190, zilembo cha m'ma 40. Pa 50% chidindo chinachoka, kupatula mkombero wake pamene wodindayo anakanikiza kwambiri inki n'kuunjikana. Ndinatsitsa kufika pa 35%, mkombero unapita, tsamba linayera mbee, ine n'kusangalala. Powerenga ndinapeza 2018 yasanduka 2013. Mbali yakumanzere ya 8 inali yopyapyala, ndipo inafufutika limodzi ndi chidindo. Mukaona e akuoneka ngati c, kapena zilembo zikuduka pakati, dziwani kuti mwatsitsa mopyola. Ndinabwerera pa 45%, timadontho totsala ndinafufuta pamanja. Chiyambire tsiku limenelo nambala iliyonse imene inali pansi pa chidindo ndimaiyerekeza ndi pepala lenilenilo, chifukwa liwu lolakwika mumaliona msanga koma nambala yolakwika imangooneka bwinobwino.

Wotamaki siyovuta kwenikweni. Imakhala yotuwa kuposa zilembo, ndiye sandutsani tsamba kukhala Grayscale, kenako -threshold yomweyo imaichotsa. Ingopewani njira zija zoyeza kuwala kachigawo ndi kachigawo, zolembedwa Adaptive, chifukwa pamalo opanda mawu zimatha kuidetsa wotamakiyo m'malo moichotsa. Ndipo ngati fayilo yanu ndi PDF imene inachokera pa kompyuta, yesani kaye kusankha mawu ndi mausi. Akasankhika, ingokopani, OCR sikufunika n'komwe.

Siginecha ya bolopeni yabuluu imachoka ngati chidindo chabuluu, ngakhale ya buluu woderako imasiya mizere. Ya bolopeni yakuda ndiye musataye nthawi, mtundu wake ndi wofanana ndi wa zilembo. Kulitsani chithunzi, werengani ndi maso, tayipani pamanja. Kawirikawiri imangophimba dzina ndi udindo wa wosayinayo, mizere iwiri basi. Liwu limene silikuwerengeka musalilote. Lembani kuti pamenepa sipakuoneka.

Chinthu china chimene ambiri amaiwala: m'chidindomo mumakhalanso mawu, monga deti lolandirira kalata. Amenewo ndimawatayipa padera ndisanayeretse tsamba. Ndipo chithunzi choyeretsedwacho ndi chodyetsa OCR chabe. Sungani choyambirira chili ndi chidindo chake ndi siginecha yake, ndipo wina akafuna kope ya chikalatacho muzimutumizira chimenecho. Kope yochotsedwa chidindo ikafika m'manja mwa munthu wina imaoneka ngati chikalata chachinyengo. Ngati mukufuna PDF yofufuzika mawu, chithunzi choyambiriracho chikhale pamwamba, mawu amene mwakonza abisale pansi pake.