Koefishenti ya msinkhu yasanduka negetivu

"Amalume, ndikupanga rigiresheni yolosera kulemera kwa thupi. Nditaika msinkhu wokha, koefishenti inali 0.9. Nditawonjezera utali wa mikono yotambasula, ya msinkhu yafika −0.4, ya mikono 1.3, p-value ya zonse ziwiri ndi yaikulu, koma R² ili pomwe inali. Ndalakwitsa pati? Komanso akuti ndione marezijuwo, ndiyang'anemo chiyani?"

Eya mphwanga, ndaona uthenga wako. Mtima m'malo, sunalakwitse kuwerengera, ndipo kompyuta sinapenge ayi. Chimene wakumana nachocho dzina lake ndi maltikoliniyariti, kutanthauza kuti mavariyebo ako olosera akuyenderana kwambiri. Tamvera bwinobwino.

Tenga manambala ako awiriwo uphatikize, −0.4 ndi 1.3. Wapeza zingati? 0.9. Yomwe ija unali nayo poyamba. Sizinangochitika mwangozi zimenezo. Munthu wamkulu akatambasula mikono, kuchokera kunsonga ya chala cha uku kufika kunsonga ya chala cha uko, utali wake umakhala pafupifupi wofanana ndi msinkhu wake. Ndiye kuti modelo waipatsa chinthu chimodzi kawiri. Tiyerekeze anthu awiri, wina woposa mnzake ndi masentimita 10 pa msinkhu, komanso 10 pa mikono. Modelo yakoyo iti −4 kuphatikiza 13, makilogalamu 9. Ikanakhala kuti makoefishenti ndi 0.5 ndi 0.4, bwenzi ali 9. Akanakhala 2.0 ndi −1.1, 9 yemweyo. Waona? Detayo ikudziwa bwino chiwerengero chophatikizacho, koma kagawidwe kake ikungopapasa. Zili ngati anthu awiri akukankha galimoto limodzi: ukuona kuti layenda, koma sungadziwe kuti wakankha kwambiri ndani pokhapokha wina atasiya kaye.

Nanga koefishenti imatanthauza chiyani mavariyebo akakhala awiri? Ija ya −0.4 sikunena kuti anthu aatali ndi opepuka ayi. Ikuyankha funso lina: anthu awiri a mikono yofanana ndendende, wina nkutalikirapo ndi sentimita imodzi, kulemera kwawo kusiyana bwanji? Anthu osiyana msinkhu kwambiri koma mikono yofanana ndi ochepa mu deta yako. Modelo ikudalira timasiyanidwe tating'onoting'ono, tina mwa ito nkutheka ndi tepi chabe imene sinakokedwe bwino poyeza. Nchifukwa chake sitandadi era yatupa, p-value yakwera, ndipo chizindikiro chatembenuka. Tayesa kuchotsa anthu asanu mwachisawawa uthamangitsenso, uone mmene makoefishentiwo adumphire pamene kuphatikiza kwake kukungokhala chapafupi pomwepo.

Pali njira yoyezera kutupako, imatchedwa VIF. Umatenga msinkhu nkuulosera ndi mavariyebo enawo, R² yotuluka apoyo nkuiika mu `1 / (1 − R²)`. Kolileshoni ya msinkhu ndi mikono ikakhala 0.95, R² yake ndi 0.9025, VIF imapitirira pang'ono 10. Sikweya ruti ya 10 ndi pafupifupi 3.2, kutanthauza kuti sitandadi era yakula koposa katatu poyerekeza ndi mmene ikanakhalira zinthu ziwirizo zikanakhala zosayenderana. Pa kolileshoni ya 0.9, VIF ndi 5.3. Anthu amakonda kunena kuti ikapitirira 5 kapena 10 pali vuto, koma ine malire amenewo sindiwatenga ngati lamulo. Ukakhala ndi anthu ochuluka zedi, sitandadi era ikhoza kutupa katatu nkukhalabe yaing'ono.

Chochita chake chidalira chimene ukufuna. Ngati cholinga nkulosera kulemera basi, maltikoliniyariti siikuwonongera zambiri, bola anthu atsopanowo akhale ofanana ndi amene unayeza. Akabwera wa mikono yaitali modabwitsa, apo modelo ikhoza kusokera. Koma ngati ukufuna kulemba kuti msinkhu umachita chakuti pa kulemera, pa nkhani yakoyi ine ndingasiye msinkhu wokha, poti zonsezi zikuyeza kukula kwa thupi. Kapena utenge avereji ya ziwirizo ikhale variyebo imodzi. Ungosamala, kuchotsa variyebo si mankhwala a paliponse. Chimene wachotsacho chikakhala kuti chili ndi mphamvu yakeyake, mphamvuyo imakabisala mu koefishenti ya chotsalacho. Ija 0.9 yako yanyamulanso gawo la mikono, uzidziwa zimenezo polemba.

Tsopano marezijuwo. Rezijuwo ndi chotsala: munthu akulemera 70, modelo inalosera 66, rezijuwo ndi 4. Ngati ukugwiritsa ntchito R, ndakulembera apa:

```
m <- lm(kulemera ~ msinkhu + mikono, data = d)
plot(m)
car::vif(m)
```

Girafu yoyamba, yolembedwa `Residuals vs Fitted`, ndi imene ndikufuna uikhalire pansi. Madontho azingomwazika pamwamba ndi pansi pa ziro opanda chithunzi chilichonse. Akapanga uta, kumapeto onse ali pamwamba koma pakati ali pansi, ndiye kuti ubalewo ndi wopindika, iwe waukakamiza mzere woongoka. Ilo ndiye vuto lalikulu kuposa onse, chifukwa koefishenti yeniyeniyo imakhala ikusocheretsa. Akayamba othinana kumanzere nkumayanzika kumanja ngati fanulo, ndiye kuti kumwazika sikofanana, ndipo pa kulemera kwa thupi usadabwe ukaziona, poti anthu akuluakulu matupi amasiyana makilogalamu ambiri. Apo koefishenti siikondera mbali, koma sitandadi era ndi p-value sizidalirika. Yesa `log(kulemera)` uonenso girafuyo.

Yachiwiriyo ndi Q-Q, yoona ngati marezijuwo akutsata nomo disitiribushoni. Apa ophunzira ambiri amataya nthawi, amakayeza ngati msinkhu kapena kulemera kuli nomo. Ayi, lamuloli likukhudza marezijuwo, osati mavariyebo. Ndipo anthu akakhala mazana angapo, kupatuka pang'ono kunsonga sikoti usowe nako tulo. Pa girafu yomaliza yang'ana dontho limene laima palokha kutali, lodutsa mizere ya Cook's distance. Usalifufute msanga, bwerera ku pepala loyambirira. Nthawi zina wina analemba 17 m'malo mwa 170.

Lamulo lina siliwoneka bwino pa magirafu amenewa, loti mzere uliwonse wa deta ukhale wodziyimira pawokha. Limenelo umalidziwa pokumbukira mmene deta inatoleredwera. Kodi pali munthu anayezedwa kawiri? Kodi ena ndi apachibale? Ngati zili choncho, modelo ikuganiza kuti uli ndi umboni wambiri kuposa umene ulipodi, ndiye p-value imatsika monama.

Ndipo R² yabwinoyo isakugonetse tulo. Mu 1973 katswiri wina, Francis Anscombe, anakonza magulu anayi a deta, lililonse la madontho 11, onse otulutsa mzere umodzi, `y = 3 + 0.5x`, ndi R² yofanana. Ukawajambula, limodzi lokha ndi loyenera mzerewo. Lina ndi uta, awiri enawo akukokedwa ndi dontho limodzi.

Chinanso usasokoneze: marezijuwo akhoza kuoneka oyera bwino maltikoliniyariti ilipo. Girafuyo siionetsa, chifukwa kulosera kukuyenda bwino. Ndipotu maltikoliniyariti siphwanya malamulo a rigiresheni pokhapokha variyebo ina ikhale yotuluka ndendende mu zinzake, monga msinkhu wa m'masentimita ndi womwewo m'mamita, apo R imangolemba NA pa imodzi. Ndiye ziwirizi uziyeze padera. Unditumizire chithunzi cha girafu yoyambayo, VIF, ndi chiwerengero cha anthu amene unayeza, tione limodzi usanalembe lipotilo.