Maperesenti akukwana 102, ndalakwitsa pati?

"Abale ndithandizeni. Ndine mlembi wa kalabu ya alimi kuno ku Bembeke, tilipo 40. Mulipoti ndalemba mbewu imene membala aliyense amadalira kwambiri: kachewere 38%, nyemba 33%, kabichi 18%, tomato 13%. Kuwonkhetsa zikukwana 102%. A tcheyamani akuti ndikalembenso. Ndalakwitsa pati?"

Mayi mlembi, mtima m'malo, sindikuona cholakwika. Ndayesa kubwerera m'mbuyo ndi manambala anuwo, ndipo ndapeza kuti a kachewere ndi anthu 15, a nyemba 13, a kabichi 7, a tomato 5. Onse pamodzi ndi 40 ndendende. Ngati m'kaundula mwanu zilinso choncho, ndiye kuti kuwerenga anthu munawerenga bwino.

Tengani foni mutsegule kakyuleta. Gawani 15 ndi 40, muchulukitse ndi 100. Ikupatsani 37.5. Chitani chimodzimodzi ndi enawo, mupeza 32.5, kenako 17.5, ndi 12.5. Mukawonkhetsa anayiwa akukwana 100 osatsala kanthu. Koma inu, pofuna kuti lipoti lioneke laudongo, munachotsa timadontho. Lamulo lomwe tinaphunzira kusukulu limati ikafika pa theka kapena kupyola, nambala ikwezeni, ikachepera theka itsitseni. Ndiye 37.5 inasanduka 38, ndipo anzake atatu aja anakweranso. Mzere uliwonse unalandira basera ya theka. Matheka anayi ndi 2. Nayo 102 yanu.

Zili ngati pamsika wa Lizulu, wogulitsa anyezi akamati "ndilibe tchenji, tingoti 1,500" pomwe mtengo unali K1,450. Ka K50 kamodzi simukamva. Koma ogulitsa anayi akakuchitani zomwezo, pofika kunyumba ndalama ya m'kansalu sigwirizana ndi mitengo yomwe munali nayo m'mutu.

Tsoka lanu ndi loti manambala onse anayi anathera pa theka, n'kukwera onse. Nthawi zambiri ena amakwera ena amatsika, n'kufafanizana, mwakuti palibe amene amazindikira. Zimachitikanso kuti onse atsike. Mukagawa anthu 30 m'magulu atatu a anthu 10, gulu lililonse ndi 33.333 mpaka kalekale. Mukalemba 33 katatu mupeza 99. Mukati ndiwonjezere nambala imodzi patsogolo pa kadontho, 33.3 katatu ikupatsani 99.9. Apo ndiye 100 simudzamugwira ngakhale mutachezera usiku wonse.

Komatu tisamangoti paliponse pomwe sizikukwana ndi kukweza ndi kutsitsa. Pali malire. Mzere umodzi sungasochere kuposa theka, choncho werengani mizere yanu mugawe pakati. Mizere inayi, malire ndi 2: kuyambira 98 mpaka 102. Inu muli pamalire penipeni, koma simunadumphe. Mukanapeza 107 kapena 91 pa mizere inayi yomweyi, a tcheyamani akanakhala ndi mfundo. Pamenepo musayambe ndi maperesenti, yambani ndi mitu ya anthu. Ikapyola 40, pali wina amene wawerengedwa kawiri, monga mlimi yemwe anayankha kuti amadalira kachewere ndi nyemba zomwe, inu n'kumulemba konsekonse. Ikachepera, pali omwe sanabwere tsiku lofunsa koma pogawa munagawabe ndi 40. Ine zinandichitikirapo pa lipoti la komiti ya mjigo kwathu ku Ntcheu. Ndinapeza 88, ndinathera madzulo onse ndikukayikira kakyuleta, osadziwa kuti ndinaiwala kuika mzere wa mabanja omwe sanayankhe.

Kwa amene amalemba pakompyuta ndi Excel, pali kamsampha kena. Mukaiuza kuti ibise timadontho, imakuonetsani 38 koma mkati imasungabe 37.5. Pansi ilemba 100, pomwe munthu wowonkhetsa ndi cholembera zomwe akuona papepala apeza 102. Onse awiri akunena zoona.

Chomwe sindingakulangizeni ndi kudula mwakachetechete, kulemba tomato 11 kuti zikwane. Anthu asanu mwa 40 si 11%, ndipo tsiku lina wina wa maso akuthwa adzawerengetsa yekha, mudzasowa chonena. Kwa inu njira yapafupi ndi kubwezera timadontho tija, 37.5, 32.5, 17.5 ndi 12.5, chifukwa apa zikukwana bwinobwino. Ngati kalabu ikufuna manambala athunthu, asiyeni momwe alili, pamzere wa onse pamodzi mulembe 40 ndi 100%, ndipo pansi pake muike kachiganizo kakuti: "Maperesenti takweza kapena kutsitsa kuti akhale athunthu, choncho powonkhetsa sangakwane 100 ndendende." Ndipo pagulu la anthu 40, munthu mmodzi yekha ndi 2.5%, ndiye pambali pa peresenti iliyonse muzilembanso chiwerengero cha anthu. A tcheyamani akaona 15, 13, 7 ndi 5, awonkhetsa okha ndi zala.