Malangizo a Agogo: Foni ya Wogwira Ntchito Usiku ku Mangalande

"Agogo, ndimasamalira okalamba ku Leeds, ndipo ndimalowa 8 koloko usiku n'kuweruka 8 koloko m'mawa. Ndikangogona, amayi ndi abale a ku Dedza amaimba, abwananso amalemba pa WhatsApp kuti ndikagwirire mnzanga amene sanabwere. Ndikapanda kuyankha, kumudzi amati ndayamba kunyada, ndipo kuntchito ndimaopa kuoneka waulesi. Nditani?"

Mdzukulu wanga, ine ndinagwirapo unamwino wa usiku zaka zambiri, ndipo tsopano ndine mayi wotsala kumudzi amene mwana wake ali kunja, choncho ndikudziwa kuti amayi ako sakuimba mwankhanza. Iwo akaona dzuwa lili paliwombo amaganiza kuti nawenso uli maso, chifukwa sunawawerengere nthawi yako pa wotchi yawo. WhatsApp imasocheretsanso, pakuti foni iliyonse imaonetsa nthawi ya uthenga molingana ndi dziko limene ili, motero amayi akayang'ana amaona ola la ku Dedza basi.

Tiyeni tiwerenge. Ku Malawi wotchi sisintha chaka chonse, koma ku Britain amaisuntha kawiri. Kuyambira Lamulungu lomaliza la Okutobala mpaka Lamulungu lomaliza la Marichi, Malawi amakhala patsogolo ndi maola awiri, ndipo miyezi yotsalayo amakhala patsogolo ndi ola limodzi. Ngati umagona hafu pasiti 9 m'mawa n'kudzuka 4 koloko madzulo, ndiye kuti mu Disembala tulo tako timayamba hafu pasiti 11 ndi kutha 6 koloko madzulo pa wotchi ya ku Dedza, pomwe mu Juni timayamba hafu pasiti 10 ndi kutha 5 koloko. Usawasenzetse amayi masamu amenewa, chifukwa wochoka ndiwe, ndipo wotchi yosinthasinthayo ndi yako. Uwapatse mawu amodzi okhazikika: kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, nthawi ya kumudzi, mwana wanu ali m'tulo. Kenaka usankhe 7 koloko madzulo ya kumudzi kukhala nthawi yocheza. Kwa iwe idzakhala 5 koloko m'nyengo yozizira ya kumeneko ndi 6 koloko m'nyengo yotentha, ndipo zonse ziwiri zimakupeza wadzuka koma usananyamuke. Utchulenso masiku, mwina Lachitatu ndi Lamulungu, ndipo uziimba ndiwe. Ukalephera, utumiziretu uthenga wa mawu, chifukwa kholo limene lachajitsa foni n'kukhala pakhonde kudikira, likagwiritsidwa fuwa la moto kawiri, limabwerera ku chizolowezi choimba nthawi iliyonse.

Nkhani yaikulu ndi ya uthenga umene sungadikire, ndiwo wa matenda aakulu ndi maliro. Kwathu mwambo wa maliro suchedwa, kawirikawiri thupi limaikidwa m'manda mawa lake kapena mkuja, ndiye ukazimitsiratu foni maola asanu ndi awiri ukhoza kudzuka zonse zitakonzedwa popanda liwu lako kapena thandizo lako la bokosi. Makolo athu sankalola kuti aliyense azifalitsa uthenga wa zovuta. Ankayamba kudziwitsa mwini mbumba ndi amfumu, kenaka n'kutuma anthu odziwika kuti akauze abale akutali. Chita chimodzimodzi ndi foni. Upemphe amalume ako kapena mlongo wako wamkulu, munthu wodekha amene foni yake siikhala yothima, kuti akhale khomo la uthenga wotere, ndipo banja lonse lidziwe kuti chachikulu chikagwa, wokudzutsa ndi iyeyo. Mwana wanga anamva za imfa ya azakhali ake poona chithunzi pa gulu la banja ali pa nthawi yopuma kuntchito, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu kuti sitinakonzeretu womuuza mwaulemu.

Foni yako ikhoza kusunga dongosolo limeneli. Pogona uzitsegula Do Not Disturb, chosankha chotontholetsa foni, n'kulola nambala ziwiri zokha kuti zidutse, ya amalume ndi ya ku ofesi ya kuntchito. Palinso chosankha cholola munthu woimba kachiwiri mosachedwa kuti adutse, chimene pa iPhone chimatchedwa Repeated Calls ndipo chimagwira akabwereza mkati mwa mphindi zitatu. Ngati abale ako ndi oimba mobwerezabwereza, chimenecho uchitseke, apo ayi aliyense adzadutsa. Usangokhulupirira kuti zatheka. Upemphe amalume akuimbire pa WhatsApp komanso pa nambala wamba iwe uli maso, chifukwa mafoni ena amalola njira imodzi n'kutseka ina. Magulu a banja, a mpingo ndi a anzako a kusukulu uwatontholetse ndi Mute, n'kumawawerenga utadzuka. Dziwa kuti ngakhale utatseka Read receipts, pa gulu anthu amaonabe kuti wawerenga, choncho usatsegule uthenga uli ndi tulo m'maso pomwe sukufuna kuyankha.

Zopempha ndalama za feteleza kapena fizi si zodzutsira munthu. Zidikire nthawi yocheza ija, ndipo wina akalemba kuti amayi agonekedwa, tumiza msanga pa nambala iyi, uyambe wafunsa amalume, pakuti akuba amadziwa kuti munthu wongodzidzimuka m'tulo safufuza.

Kwa abwana, mwambo wathu ukhoza kukupweteka. Ife tinaleredwa kuti kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndiye timayankha kuti tiona, kapena timangokhala chete. Wokonza mashifiti amene akusowa munthu wa masana amafuna eya kapena ayi, ndipo yankho lozungulira limamuchititsa kuimbanso. Malamulo a nthawi yogwirira ntchito a ku Britain, amene anakhazikitsidwa mu 1998, amapatsa wantchito maola 11 opuma motsatizana pakati pa tsiku la ntchito ndi linzake. Ukaweruka 8 koloko m'mawa, maola amenewo amatha 7 koloko madzulo, choncho pempho loti ubwere 2 koloko masana likudula mpumulo wako pakati. Lamuloli lili ndi mipata ina kwa osinthana mashifiti ndi ntchito zosayenera kuima, koma pamenepo mpumulo wotayikawo uyenera kubwezedwa. Uwerenge kalata yako ya ntchito kuti uone ngati pali masiku amene unavomera kukhala wokonzeka kuitanidwa, chifukwa masiku amenewo foni iyenera kuyankhidwa ndithu.

Usadikire tsiku la mkangano. Ulembe uthenga waufupi kwa abwana wonena kuti ukachoka pa shifiti ya usiku umagona mpaka 4 koloko, mauthenga onse udzawayankha isanakwane hafu pasiti 4, ndipo pa zadzidzidzi zenizeni akuimbire pogwiritsa ntchito nambala ya ofesi. Ukatero usunge lonjezolo tsiku lililonse, ndipo pokana unene tsiku limene ungathe, monga kuti lero sindingathe koma Loweruka masana ndilipo. Ndikudziwa kuti chiphaso chako chokhalira m'dzikomo mwina chimadalira olemba ntchitowo, ndipo mantha ako sindikuwapeputsa. N'chifukwa chake uzisunga mauthenga onse olembedwa, ndipo akayamba kukuopseza chifukwa chokana, ufunse bungwe la Acas, limene limalangiza antchito kwaulere. Pa unamwino wanga ndinaona kuti wosagona ndiye amasokoneza mankhwala a odwala awiri kapena kuiwala kulemba kuti wina wagwa, ndipo zikatero safunsa amene anakudzutsa masana, amafunsa amene anasaina.

Amayi usawauze zonsezi pa gulu kapena polemba. Uwaimbire Lamulungu likubwerali, uyambe ndi kufunsa za moyo ndi za kumunda monga mwa masiku onse, kenaka uwafotokozere kuti masana awo ndiwo usiku wako, ndipo upemphe amalume akhale pafupi kuti amve okha udindo umene ukuwapatsa.